Mphere: wosadzikanda naye apake mankhwala

Munthu akatenga mphere koyamba, kachilombo koyambitsa matendawa kamakhala m'khungu lake milungu 4 mpaka 6 iye asanamve kuyabwa kulikonse. Amapita kumunda, kuntchito kapena kusukulu khungu lake lili see, chikhalirecho m'kati mwa khungulo mazira akuikiridwa ndi kuswa tsiku ndi tsiku. Nthawi yonseyi angathe kupatsira mnzake wogona naye mphasa imodzi. Pamenepa ndi pomwe pagona vuto lothetsa mphere pakhomo. Makolo amathamangira kuchipatala ndi mwana amene akudzikanda usiku wonse, n'kusiya kunyumba anthu ena atatu kapena anayi amene tizilomboto tawalowa kale koma sanayambe kumva kanthu.

Kachilombo ka mphere ndi ka m'gulu la akangaude ndi nkhupakupa, ndipo kakakula kamakhala ndi miyendo 8. Kakakazi ndiko kakakulu, koma sikafika ndi theka lomwe la milimita m'litali mwake. Kakamuna ndi kochepa kuposa pamenepo. Kalibe maso, kalibe mapiko, ndipo sikadumpha ngati mmene ena amaganizira. Kamangokwawa, ndipo pa khungu lofunda kamayenda masentimita pafupifupi awiri ndi theka pa mphindi imodzi.

Kakakazi kakakumana ndi kakamuna kamodzi kokha, kamakhala ndi mphamvu yoikira mazira moyo wake wonse. Kamafuna malo pomwe khungu ndi lofewa ndi lopindika: pakati pa zala, polumikizira dzanja ndi mkono, pachigongono, m'khwapa, m'chiuno, pamchombo, m'matako, kumaliseche kwa amuna ndi kuzungulira nsonga za mabere a amayi. Kakapeza malo kamatulutsa malovu osungunula khungu, n'kumalowa pang'onopang'ono kakukankha ndi miyendo yakutsogolo, ndipo ola lisanathe kamakhala katabisala konse. Sikapita kutali. Kamakhala m'kagawo kapamwamba penipeni ka khungu, kaja kouma kamene kamafunduka tikamadzikhula posamba, ndipo sikafika pamene pali mitsempha ya magazi. Choncho sikayamwa magazi ngati nsabwe kapena nsikidzi. Kamadya khungu losungunukalo ndi timadzi totuluka m'menemo.

Popeza khungu lapamwambali limafunduka nthawi zonse, kachilomboka sikangakhale malo amodzi. Kamakumba chamtsogolo mamilimita ochepa tsiku lililonse, ndipo m'mbuyo mwake kamasiya mazira awiri kapena atatu patsiku pamodzi ndi timibulu ta chimbudzi chake. Kamachita zimenezi kwa mwezi umodzi kapena iwiri kenako n'kufera momwemo. Kanjira kameneka kakaoneka kunja kamakhala ngati kamzera kopyapyala, kokhotakhota, kotuwa pang'ono, kotalika theka la sentimita kapena sentimita imodzi. Mazira amaswa pakatha masiku 3 kapena 4. Tiana take, timene timakhala ndi miyendo 6, timatulukira pamwamba pa khungu, n'kukumba timaenje tosaya pafupi, kufundula kangapo, ndipo pakatha masiku 10 mpaka 14 timakhala titakula moti n'kuyamba kuswana tokha. Masiku amenewa ndi ofunika kuwasunga m'mutu, chifukwa ndiwo amalamula kapakidwe ka mankhwala.

Kuyabwa kwa mphere sikuchokera ku kukumba kwa kachilombo. Kukadakhala choncho, munthu akadayamba kudzikanda tsiku lomwelo. Chimayabwitsa ndi chitetezo cha m'thupi, chimene chimakwiya ndi malovu, mazira ndi chimbudzi cha kachilomboka. Thupi limatenga milungu ingapo kuti liphunzire kuzindikira mlendo ameneyu, ndipo likamuzindikira siliiwalanso. Ndiye chifukwa chake amene anadwalapo mphere akaitenganso amayamba kudzikanda pakangotha tsiku limodzi mpaka 4. Ndiponso ndicho chifukwa chake tiziphuphu timatuluka ngakhale pamimba, pantchafu ndi malo ena pomwe palibe kachilombo ndi kamodzi komwe.

Tizilombo tochepa, thupi lonse moto

Zambiri zimene tikudziwa za kuchuluka ndi kafalidwe ka tizilomboti zinachokera kwa Kenneth Mellanby, katswiri wa tizilombo amene anagwira ntchito mumzinda wa Sheffield ku England pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mphere inali itavuta pakati pa asilikali, ndipo anthu ankakhulupirira kuti imafala kudzera m'mabulangete ndi zovala. Mellanby anapeza amuna amene anakana kukamenya nkhondo chifukwa cha chikumbumtima chawo, ndipo iwo anadzipereka kuti aziyesedwa. Ankagona pa zofunda zimene odwala mphere angodzukapo kumene. Pa maulendo 272 amene anayesa zimenezi, anthu 4 okha ndiwo anatenga matendawa. Atawerenga tizilombo tatikazi pa odwala mazanamazana, anapeza kuti munthu mmodzi amakhala ndi pafupifupi 11 tokha thupi lonse, ndipo ambiri anali ndi tochepera apo.

Zinthu ziwiri zikutuluka pamenepa. Choyamba, mphere imafala makamaka khungu likakhudzana ndi khungu kwa nthawi ndithu, mphindi 15 kapena 20 kapena kuposerapo: kugona pamodzi, kubereka mwana kumbuyo, kuyamwitsa, kugonana, kusamalira wodwala. Kupatsana moni wa m'manja sikukwanira. Kunja kwa thupi la munthu kachilomboka kamafa pakatha masiku awiri kapena atatu, ndipo kukatentha ndi kouma kamafa msanga. Chachiwiri, kupeza tizilombo 11 pa thupi la munthu wamkulu si ntchito yamasewera, ndipo izi zimavutitsa ngakhale achipatala.

Za uve zija tizinene mwachidule. Madzi ndi sopo sizifika pamene kachilomboka kabisala, ndipo munthu wosamba katatu patsiku angathe kudwala mphere bwinobwino. Chimene chimafalitsa matendawa ndi kuthithikana, monga m'zipinda zogona za ana a sukulu, m'ndende, m'misasa ya anthu othawa nkhondo kapena madzi osefukira, ndi m'nyumba zazing'ono za anthu ambiri. Galu wa mphere naye amanamiziridwa. Tizilombo ta agalu tingathe kuyabwitsa munthu kwa masiku ochepa, koma sitiswana pa khungu la munthu.

Kupala khungu

Umboni wosatsutsika wakuti munthu ali ndi mphere ndi kuona kachilombo, mazira ake kapena chimbudzi chake. Njirayi ndi yakale. Mu 1687, ku Livorno m'dziko la Italy, dokotala Giovan Cosimo Bonomo ndi mnzake wogulitsa mankhwala Diacinto Cestoni anaona amayi osauka akutompha tizilomboti pa khungu la ana awo ndi nsonga ya singano. Iwo anatiika pa maikulosikopu, n'kutijambula, n'kulemba kuti ndito timayambitsa matendawa, osati magazi oipa monga mmene madokotala a nthawiyo ankaphunzitsira. Panapita zaka zoposa 100 anzawo ambiri asanavomere.

Masiku ano dokotala amayamba ndi kusankha popala, ndipo ntchito yonse imapindula kapena kulephera pamenepa. Chilonda chachikulu chimene wodwala akuloza, chokandidwa mpaka kutuluka magazi kapena mafinya, n'chosathandiza, chifukwa zikhadabo zinachotsapo kale kachilombo. Chofunika ndi kanjira katsopano kosakandidwa, kawirikawiri pakati pa zala kapena polumikizira dzanja, ndipo kwa makanda m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi. Pa khungu lakuda kamzeraka kamavuta kuona, choncho pamafunika kuwala kokwanira ndi galasi lokulitsa zinthu. Ena amapaka inki pamalopo n'kupukuta ndi sipiriti. Inki yolowa m'kanjira imatsala, kamzera kokhota n'kuonekera. Wokumba mbewa amadziwa kuti mbewa sikhala pakhomo pa una koma kumathero kwake. Nako kachilombo ka mphere kamakhala kumapeto kwa kanjira, pamene nthawi zina pamaoneka kadontho kapena kathuza kakang'ono.

Akapeza malo, dokotala amadontheza mafuta oyera a kuchipatala pakhungupo kapena pa kampeni kakang'ono ka opaleshoni. Mafutawo amathandiza kuti zopalidwazo zimamatire pa kampeni m'malo mouluka. Kenako amakoka khungu ndi zala ziwiri, n'kupala mwamphamvu ndithu ka 6 kapena ka 7 motsata kanjirako mpaka denga lake litachoka. Timadontho ta magazi tating'ono kwambiri tikaoneka ndiye kuti wafika pokwanira. Magazi akayenderera ndiye kuti wapitirira. Sizipweteka kwenikweni, ngakhale ana amaopa kampeniko, ndipo kwa iwo ena amamata tepi yoonekera pakhungu n'kuimatula mwachangu. Zopalidwazo amazipaka pa kagalasi, kuvundikira ndi kagalasi kena kopyapyala, n'kuyang'ana pa maikulosikopu ndi diso lokulitsa pang'ono chabe. Kupala malo amodzi sikukwanira. Wodziwa ntchito amapala malo angapo.

Kachilombo kakapezeka sikasokoneza: kathupi kobulungira, timiyendo tifupitifupi, ndipo m'mafuta nthawi zina kamakhala kakuyendabe. Mazira ndi obulungira motalikirako, ena ali ndi mwana m'kati, ena ndi makoko okha. Chimbudzi chimaoneka ngati timibulu toderako tounjikana. Malabotale ena amathira mankhwala osungunula khungu otchedwa potaziyamu haidirokisaidi kuti tizilombo tioneke bwino, koma mankhwalawa amasungunulanso chimbudzi chija, umboni wina n'kutayika. Komwe kuli kachipangizo kounikira khungu kokhala ndi galasi ndi nyali, dokotala angathe kuona mutu ndi miyendo yakutsogolo ya kachilomboka ngati kadontho ka ngodya zitatu kumapeto kwa kanjira, popanda kupala.

Mfundo imene odwala ambiri samvetsa ndi iyi: akapeza kachilombo ndiye kuti ndi mphere basi, koma akapanda kukapeza sizitanthauza kuti si mphere. Kupala kumaphonya odwala enieni ambiri, nthawi zambiri theka kapena kuposa, chifukwa tizilombo ndi tochepa ndipo wodwala amafika atakandakanda kale. Choncho dokotala wabwino sadikira maikulosikopu, imenenso m'zipatala zing'onozing'ono zambiri siigwiritsidwa ntchito pa za khungu. Amaona pamene tiziphuphu tatuluka, amafunsa ngati kuyabwa kumakula usiku, ndipo amafunsa funso lolemera kuposa onse: "Kodi kunyumba kuli winanso amene akudzikanda?" Tiziphuphu toyabwa pa maliseche a mwamuna kapena mnyamata timatsala pang'ono kutsimikizira patokha. Kupala kumafunika kwambiri pamene zinthu sizikumveka: mankhwala apakidwa koma sizikusintha, zidzolo sizikuoneka mwa masiku onse, kapena matenda abuka pasukulu ndipo pakufunika umboni asanapatse mankhwala ana mazana.

Chimodzi chimene chimasokoneza madokotala ndi mafuta ogula pamsika kapena m'sitolo za mankhwala okhala ndi masiteroyidi, kuphatikizapo ena mwa oyeretsa khungu aja. Mafutawa amaziziritsa kuyabwa ndi kufafaniza zidzolo, koma amatero pofooketsa chitetezo cha pakhungu, ndipo tizilombo timachulukana mwakachetechete. Wopita kuchipatala anene chilichonse chimene wakhala akupaka.

Banja la anthu 6

Tiyerekeze banja la bambo, mayi, agogo, mnyamata wa zaka 12, mng'ono wake wa zaka 8 ndi khanda la miyezi 9. Mnyamata wamkuluyo wabwera kutchuthi kuchokera kusukulu yogonera komweko akudzikanda. Akugona ndi mng'ono wake, ndipo masana akunyamula khanda. Patatha milungu iwiri mayi akupita naye kuchipatala, akulandira mankhwala, akumupaka iye yekha. Tizilombo take tafa.

Koma mng'ono wake wakhala ndi tizilombo masiku mwina 14, ndiye kuti mazira oyamba aswa kale ndipo tiana takula. Sakumva kanthu, ndipo sadzamva kwa milungu ina iwiri kapena inayi. Khanda nalo n'kutheka latenga, ndipo likugona pakati pa mayi ndi bambo, masana lili kumbuyo kwa agogo. Mankhwala opaka sateteza munthu akawasamba, choncho usiku wina kachilombo kakuchoka kwa mng'ono kubwerera kwa mkulu. Iye thupi lake likukadziwa kale, ndiye kuyabwa kukukulanso m'masiku ochepa. Mayi akuti mankhwala a kuchipatala aja ndi osagwira. Patapita milungu itatu ena onse ayamba kudzikanda, ndipo banja likuganiza kuti matenda angowalowa kumene, pamene anawalowa mnyamata uja asanapite n'komwe kuchipatala. Akamapakidwa mmodzimmodzi, aliyense pa nthawi imene wayamba kudandaula, mphere ingazungulire m'nyumbamo chaka chathunthu.

Njira yoyenera ndi yakuti onse 6 apake tsiku limodzi, odzikanda ndi osadzikanda omwe, pamodzi ndi aliyense amene wagona nawo kapena kukhudzana nawo kwambiri m'mwezi umodzi kapena iwiri yapitayo. Ngati bambo kapena mayi ali ndi chibwenzi kwina, nayenso ali m'gulu lomweli, ngakhale kuti ndi nkhani yovuta kuiyamba.

Mankhwala amene amadaliridwa kwambiri ndi mafuta a pemetirini a 5 peresenti. Munthu wamkulu amafuna chubu chonse cha magalamu 30 pa ulendo umodzi, mwana wa zaka 6 mpaka 12 theka la chubu, ndipo khanda lopitirira miyezi iwiri pafupifupi magalamu 4. Banja lathu lija lifuna machubu atatu a akuluakulu, chimodzi cha anyamata awiri ndi pang'ono pa khanda, ndiye kuti machubu oposa 4. Pakatha masiku 7 onse apakenso, choncho machubu onse ndi pafupifupi 9. Kugawana chubu chimodzi banja lonse, n'kumangopaka pa tiziphuphu pokha, ndi kutaya ndalama. Kupakanso kuli ndi chifukwa chake: mazira ena amapulumuka ulendo woyamba, koma pofika tsiku la 7 onse amakhala ataswa ndipo tiana sitinakule moti n'kuikira ena.

Mafutawa amapakidwa madzulo pa khungu louma ndi lozizira, kuyambira m'khosi mpaka kunsi kwa mapazi, osasiya malo: pakati pa zala, pansi pa zikhadabo zowengedwa, pamchombo, pakati pa matako, kumaliseche, ndi kumsana komwe munthu afunika womuthandiza. Makanda ndi okalamba amapakidwanso m'mutu ndi kumaso, kupewa maso ndi pakamwa. Amakhala maola 8 mpaka 14 asanasambe. Wosamba m'manja usiku apakenso m'manjamo, pakuti m'menemo ndimo tizilombo timakonda kwambiri. Mayi woyamwitsa atsuke bere asanayamwitse, n'kupakanso akatha.

M'zipatala zathu zambiri wodwala amalandira mankhwala amadzi a benzilo benzoweti. Amapha tizilombo bwino ndipo ndi otsika mtengo, koma amawotcha pa khungu lokandidwa, ndipo ana amafunika osungunulidwa ndi madzi malinga ndi mmene achipatala alangizira. Amasiyidwa pathupi maola 24. Mafuta a salufa, ngakhale amanunkha ndi kudetsa zovala, ndiwo amagwiritsidwa ntchito kwa makanda aang'ono kwambiri, ndipo amapakidwa masiku atatu otsatizana. Palinso mapiritsi a aivamekitini, omwe anthu a ku Thyolo ndi Mulanje amawadziwa kudzera m'ntchito yolimbana ndi matenda a khungu ndi maso ofalitsidwa ndi ntchentche za m'mitsinje. Amaperekedwa motsata kulemera kwa munthu. Wa makilogalamu 60 amamwa mamiligalamu 12. Sapha mazira, choncho kumwanso pakatha masiku 7 mpaka 14 n'kosapeweka. Saperekedwa kwa amayi oyembekezera ndi ana osakwana makilogalamu 15.

Zovala, zitenje ndi zofunda za masiku atatu apitawo zichapidwe ndi madzi otentha m'mawa wotsatira. Kutentha kwa madigiri 50 kwa mphindi 10 kumapha tizilombo ndi mazira omwe. Kusita kumathandizanso. Zosachapika zimangidwe m'thumba la pulasitiki kwa mlungu umodzi. Kuwotcha mphasa kapena kupopera nyumba mankhwala n'kosafunika, ndipo banja likatha mphamvu zake pa kuchapa n'kuiwala kupaka agogo, lagwira ntchito pachabe.

Pamene banja lokha silikwanira

Pali mtundu wina wa mphere umene umaswa malamulo onse a Mellanby. Anthu amene chitetezo chawo chafooka, monga odwala Edzi amene sakumwa mankhwala, okalamba kwambiri ndi omwa masiteroyidi nthawi yaitali, angathe kukhala ndi tizilombo masauzande kapena mamiliyoni. Khungu limachita nkhanambo zokhuthala ndi zong'aluka m'manja, kumapazi, m'zigongono ngakhale m'mutu, ndipo nthawi zina siliyabwa n'komwe. Munthu wotere amayoyola tizilombo pa zofunda ndi pamipando, ndipo apa ndi pomwe zovala zimafalitsadi matenda. Kupala khungu lake kumaonetsa tizilombo tambirimbiri nthawi yomweyo. Mphere ikamabwererabwerera pakhomo pomwe onse anapaka bwino, ndi nzeru kuyang'ana ngati palibe wodwala wotere amene aliyense akuganiza kuti ali ndi matenda ena a khungu. Iye amafunika mapiritsi ndi mafuta pamodzi, maulendo angapo, moyang'aniridwa ndi chipatala.

Matendawa akafala mudzi wonse, kuchiza nyumba imodziimodzi kumachepa mphamvu, pakuti ana amatengeranso kwa anzawo. Kafukufuku wa pa zilumba za ku Fiji amene anasindikizidwa mu 2015 anaonetsa izi bwino. Kumene anachiza odwala ndi a m'nyumba zawo okha, mphere inatsika kuchoka pa anthu 37 kufika pa 19 mwa 100 aliwonse chaka chitatha. Kumene anapatsa aivamekitini anthu onse nthawi imodzi, inatsika kuchoka pa 32 kufika pa 2. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, limene linaika mphere pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu 2017 ndipo limati anthu osachepera 200 miliyoni ali nayo nthawi ina iliyonse, limalangiza kuganizira njira imeneyi kumene odwala afika 10 mwa 100 aliwonse. Mwana uja akabwerera kusukulu anzake a m'chipinda chogona asanachizidwe, ntchito ya kunyumba iyambiranso.

Akatha kupaka mankhwala moyenera, kuyabwa kumapitirira milungu iwiri mpaka 4, chifukwa tizilombo takufa, mazira ndi chimbudzi zikadali m'khungu mpaka khungulo litafunduka. Si chizindikiro chakuti mankhwala alephera, ndipo kupakapaka mobwereza kumangowonjezera zidzolo. Timabulu tolimba toyabwa ta kumaliseche kapena m'khwapa tingakhale miyezi ingapo mulibe kachilombo kamoyo. Zoyenera kubwerera nazo kuchipatala ndi tinjira kapena tiziphuphu tatsopano, kuyabwa kopitirira mwezi, ndi zilonda za mafinya. Zilondazi zimabwera mabakiteriya akalowa pokandidwa, ndipo mtundu wina wa mabakiteriyawa umatha kutupitsa impso za ana patapita milungu ingapo. Mwana amene anali ndi zilonda za mphere akayamba kutupa nkhope m'mawa, kukodza pang'ono kapena kukodza mkodzo woderako, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.